Ndaonjezera madontho ka 10, bwanji yankho silinawongoke ka 10?

Funso: Ndine wophunzira masamu wa chaka chachitatu. Aphunzitsi anatipatsa ntchito yopeza intigiralo ya (x1 + x2 + x3 + x4 + x5)², variyebulo iliyonse ikuyenda kuchokera pa 0 kufika pa 1, pogwiritsa ntchito madontho osankhidwa mwachisawawa. Yankho lenileni ndi 20/3, kapena kuti 6.6667. Ndi madontho 10,000 ndinapeza 6.690, ndipo ndi madontho 100,000 ndinapeza 6.655. Ntchito yakula ka 10 koma kuphonya kwangotsika ndi theka. Kodi pulogalamu yanga ili ndi vuto? Nanga ndiike madontho angati kuti ndilikhulupirire yankho?

Yankho: Mtima ukhale m'malo. Manambala anu awiriwo ndi a pulogalamu imene ikuyenda bwino, ndipo ndikanada nkhawa kwambiri mukanandiuza kuti mwapeza 6.6667 ndendende. Njira imeneyi, yotchedwa Monte Carlo, ili ndi liwiro lake limene simungalikakamize: kuphonya kumatsika motsatira sikweya ruti ya chiwerengero cha madontho. Mukachulukitsa madontho ka 10, kuphonya kumene muyenera kuyembekezera kumatsika ka 3.16 kokha. Mukafuna kuti kutsike ka 10, madontho muwachulukitse ka 100. Tiyeni tione kumene lamulo limeneli limachokera, chifukwa mukalimvetsa mudzatha kudziyankha nokha funso lanu lachiwirilo.

Taganizani za munthu amene akufuna kudziwa kuti munda wake utulutsa chimanga chochuluka bwanji asanakolole wonse. Amasankha timalo tochepa apa ndi apo, n'kukolola timalo timeneto, n'kupeza avereji ya zokolola pa sikweya mita imodzi, kenako n'kuchulukitsa ndi kukula kwa munda wonse. Intigiralo ndi chimodzimodzi: ndi avereji ya fankishoni pa dera lonse, kuchulukitsa ndi kukula kwa deralo. Tikamwaza madontho N mwachisawawa, malo onse a m'deralo ali ndi mwayi wofanana, chimene timapeza ndi ichi:

I ≈ V × (f(p1) + f(p2) + … + f(pN)) / N

V ndi voliyumu ya dera, f ndi fankishoni, ndipo p1 mpaka pN ndi madontho aja. Kwa inu dera ndi bokosi la madayimenshoni asanu, mbali iliyonse yotalika 1, choncho V = 1 ndipo simukuiona n'komwe. Koma musaiiwale. Tsiku lina mavariyebulo akadzayenda kuchokera pa 0 kufika pa 2, V idzakhala 2⁵ = 32, ndipo amene waiwala kuchulukitsa adzapeza yankho lochepa ka 32. Cholakwa chimenechi ndimachiona kawirikawiri m'ntchito za ophunzira kuposa china chilichonse.

Tisanapite ku kompyuta, tiyese ndi cholembera. Tinene kuti tatola madontho anayi. Loyamba ndi (0.2, 0.9, 0.4, 0.7, 0.1). Tikaphatikiza tipeza 2.3, sikweya yake ndi 5.29. Lachiwiri ndi (0.8, 0.6, 0.9, 0.5, 0.3), lomwe likupereka 3.1 ndi 9.61. Lachitatu ndi (0.1, 0.3, 0.2, 0.6, 0.4), likupereka 1.6 ndi 2.56. Lachinayi ndi (0.7, 0.2, 0.8, 0.4, 0.6), likupereka 2.7 ndi 7.29. Avereji ya manambala anayiwa ndi 6.19. Taphonya ndi pafupifupi 0.48.

Yang'anitsitsani manambala anayiwo: 5.29, 9.61, 2.56, 7.29. Palibe ndi imodzi yomwe imene ili pafupi kwambiri ndi 6.67. Ina yapitirira ndi pafupifupi 3, ina yaperewera ndi 4. Koma avereji yawo yayandikira chifukwa yopitirira ndi yoperewera zafafanizana. Mphamvu yonse ya njirayi ili pa kufafanizana kumeneku, ndipo kufooka kwake kulinso pomwepo, pakuti kufafanizanako sikukhala kwathunthu. Nthawi zonse pamatsala kanthu.

Kanthu kotsalako n'kotani? Ponyani ndalama yachitsulo ka 100. Mukuyembekezera kuti mbali imodzi ituluka ka 50, koma kawirikawiri imasiyana ndi 50 ndi maulendo pafupifupi 5. Mukaponya ka 10,000, kusiyanako kumakhala pafupifupi 50. Onani kuti kusiyana kwakula, kuchoka pa 5 kufika pa 50, koma kwakula ka 10 pamene maulendo oponya akula ka 100. Tikagawa ndi chiwerengero cha maulendo, poyamba tinali ndi 5 pa 100, tsopano tili ndi 50 pa 10,000, womwe ndi theka la 1 pa 100. Chifukwa cha masamu ake n'chachidule. Madontho akakhala osadalirana, chimene chimaphatikizana si kumwazikana kwawo koma sikweya ya kumwazikanako, imene timaitcha variyansi. Dontho limodzi likakhala ndi variyansi σ², madontho N ophatikizidwa ali ndi Nσ², ndiye kuti kumwazikana kwa thumba lonselo ndi σ√N. Popeza avereji timagawa ndi N, chotsala ndi ichi:

kuphonya ≈ V × σ / √N

Apa σ, sigima, ikuyeza mmene fankishoni yanu imadumphiradumphira kuchoka pa avereji yake mukamayenda m'dera lonse. Fankishoni yosasintha ili ndi σ = 0, ndipo dontho limodzi lingakwane. Fankishoni ya mapiri ndi zigwa ili ndi σ yaikulu.

Ubwino wa ntchito imene anakupatsani ndi wakuti σ tingaipeze ndi manja. Titchule x1 + … + x5 kuti S. Avereji ya S ndi 2.5, ndipo variyansi yake ndi 5/12 chifukwa nambala imodzi yotoledwa pakati pa 0 ndi 1 ili ndi variyansi 1/12. Ndiye avereji ya S² ndi 6.25 + 5/12, yomwe ndi 20/3 yanu ija. Mukapitiriza mwanjira yomweyo mupeza kuti avereji ya S⁴ ndi 55.167. Chotsanipo sikweya ya 20/3, yomwe ndi 44.444, mutsala ndi variyansi 10.72, ndipo sikweya ruti yake ndi σ = 3.27.

Tsopano ikani nambala imeneyi m'lamulo lija. Ndi madontho 100, kuphonya koyembekezereka ndi 0.33. Ndi madontho 10,000 ndi 0.033. Ndi madontho 100,000 ndi 0.0104, ndipo ndi 1,000,000 ndi 0.0033. Inu ulendo woyamba munaphonya ndi 0.023, pansi pang'ono pa 0.033. Ulendo wachiwiri munaphonya ndi 0.012, pamwamba pang'ono pa 0.0104. Ulendo woyamba mwayi unakukonderani pang'ono, wachiwiri unakutsalirani pang'ono, ndipo n'chifukwa chake mwaona kutsika kwa theka m'malo mwa ka 3.16. Palibe chachilendo.

Mfundo iyi ndikufuna muigwiritsitse, chifukwa ndi imene imasokoneza ambiri. σ/√N si kuphonya kumene mudzapeze pa ulendo umodzi. Ndi kukula kwa bwalo limene mayankho anu amagweramo mukabwerezabwereza ntchitoyo ndi madontho atsopano. N ikakhala yaikulu, mayankhowo amamwazikana motsatira girafu yooneka ngati belu ija imene munaphunzira m'kalasi ya sitatisitiki. Pafupifupi maulendo 68 pa 100, yankho limagwa mkati mwa σ/√N imodzi kuchoka pa lenileni, ndipo pafupifupi maulendo 95 pa 100 limagwa mkati mwa ziwiri. N'zotheka ndithu kuti madontho 100,000 apereke yankho loipirapo kuposa madontho 10,000. Maulendo awiriwo akakhala osadalirana, zimenezi zimachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu alionse. Choncho kuyerekeza maulendo awiri okha sikungakuuzeni liwiro la njirayi.

Mwina mufunsa kuti pa ntchito yeniyeni, pamene yankho sitikulidziwa, σ tiitenga kuti. Timaitenga m'manambala omwewo amene tawerengera kale. Kumwazikana kwa mayankho a f pa madontho athu, kumene timakulemba kuti s, kumaimira σ. Ngakhale madontho athu anayi aja akupereka s = 2.99, pafupi ndithu ndi 3.27. Tikagawa ndi √4 tipeza 1.5, ndiye kuti tikanalemba 6.19 ± 1.5, ndipo 6.67 ili mkati bwinobwino. Pa kompyuta izi zimangofuna mzere umodzi woonjezera:

```python
import numpy as np
rng = np.random.default_rng(1)
N = 100_000
x = rng.random((N, 5))
f = x.sum(axis=1)**2
print(f.mean(), f.std(ddof=1) / np.sqrt(N))
```

Nambala yachiwiri imene isindikizidwe iyenera kukhala pafupi ndi 0.0104. Ine ndikamayang'ana ntchito ya wophunzira, yankho lopanda nambala yachiwiriyi ndimaliona ngati losamalizidwa, ngakhale litagwa pafupi bwanji ndi lenileni. Popanda iyo palibe amene angadziwe ngati mwapeza chifukwa cha luso kapena mwayi.

Funso la madontho angati likuyankhika tsopano, koma muyambe mwanena kuti mukufuna kulondola kotani. Tembenuzani lamulo lija: N = (σ/ε)², pamene ε ndi kuphonya kumene mungakulole. Mukafuna ε = 0.01, madontho ndi pafupifupi 107,000. Mukafuna ε = 0.001, madontho ndi 10.7 miliyoni. Ndipo ngati mukufuna kunena motsimikiza maulendo 95 pa 100 kuti simunaphonye kupitirira 0.001, chulukitsaninso ndi 1.96², mufika pa madontho pafupifupi 41 miliyoni. Nambala imodzi iliyonse yoonjezera kuseri kwa kadontho ka desimali imakudyerani ntchito yochuluka ka 100. Mchitidwe wabwino ndi kuyamba ndi madontho ochepa, monga 1,000, kuti mupeze s, kenako n'kuwerengera N imene ikufunika musanasiye kompyuta ikugwira ntchito usiku wonse.

Munthu angadabwe kuti njira yochedwa chonchi anthu amaikonderanji. Yang'ananinso lamulo lija, V × σ / √N. Mulibemo chiwerengero cha madayimenshoni. Kaya mavariyebulo ndi awiri kaya 200, madontho akachuluka ka 100 kuphonya kumatsika ka 10. Njira zoyala madontho m'mizere, monga ya matrapeziyamu kapena ya Simpson, sizili choncho. Pa variyebulo imodzi zimathamanga kwambiri: ya matrapeziyamu kuphonya kwake kumatsika ngati 1/N², ndipo ya Simpson ngati 1/N⁴, fankishoni ikakhala yosalala. Koma pa madayimenshoni d, madontho N aja ayenera kugawidwa ku mbali zonse, ndipo mbali iliyonse imalandira ruti ya d ya N basi. Madontho 1,000,000 pa madayimenshoni awiri ndi 1,000 mbali iliyonse. Pa madayimenshoni asanu ndi pafupifupi 16. Pa madayimenshoni 10 ndi pafupifupi 4 okha. Zotsatira zake n'zakuti ya matrapeziyamu imatsika ngati N^(−2/d) ndipo ya Simpson ngati N^(−4/d). Yoyambayo imafanana liwiro ndi njira ya madontho achisawawa pa d = 4, yachiwiriyo pa d = 8, ndipo kupitirira apo zonse zimatsalira m'mbuyo.

Ndinene chilungamo pa intigiralo yanuyi. Njira ya Simpson, ndi madontho atatu okha mbali iliyonse, kutanthauza 3⁵ = 243 onse pamodzi, ingapereke 20/3 ndendende, chifukwa variyebulo iliyonse sikupitirira pawa ya 2. Aphunzitsi anu sanasankhe fankishoniyi poti madontho achisawawa ndiwo oyenera pamenepa. Anaisankha kuti muthe kuona kuphonya ndi maso anu, yankho lenileni lili pambali. Koma mavariyebulo akanakhala 20, madontho atatu mbali iliyonse akanakhala 3²⁰, opitirira 3.4 biliyoni, pamene madontho achisawawa miliyoni imodzi akanapereka kale yankho lolondola mpaka kagawo kochepera 1 pa 1,000.

Vuto la mtundu umenewu ndi limene linabala njirayi. Mu 1946, katswiri wa masamu Stanislaw Ulam, akuchira ku matenda, ankasewera makadi a munthu mmodzi n'kumadzifunsa kuti mwayi wopambana ndi wotani. Ataona kuti kuwerengera njira zonse n'kovuta, anaganiza zongosewera maulendo ambiri n'kuwerenga opambana. Iye ndi John von Neumann anatengera ganizoli ku mavuto a kayendedwe ka manyutironi ku labotale ya Los Alamos ku America, ndipo Nicholas Metropolis ndiye anapereka dzina loti Monte Carlo, potengera malo otchuka a juga ku Monaco. Metropolis ndi Ulam anasindikiza pepala lofotokoza njirayi mu 1949.

Tibwerere kwa inu. M'lamulo lija muli zinthu ziwiri zimene mungazigwire, N ndi σ. Anthu ambiri amangolimbana ndi N, chonsecho N ili pansi pa sikweya ruti ndipo ndi yodula. σ ili poyera: mukaichepetsa ka 4, zili ngati mwachulukitsa madontho ka 16. Pa fankishoni yanu pali kanjira kosavuta kochitira zimenezi. Dontho lililonse x mulipatse mnzake woyang'anizana nalo, 1 − x, kutanthauza kuti nambala iliyonse ya m'dontholo muichotse ku 1. Kenako mutenge avereji ya f pa awiriwo.

Tiyese pa dontho lathu lachitatu lija, limene linaperewera kwambiri. S yake inali 1.6, choncho mnzake ali ndi S = 5 − 1.6 = 3.4. Masikweya ndi 2.56 ndi 11.56, avereji yawo ndi 7.06. Mukachita chimodzimodzi ndi ena atatuwo mupeza 6.29, 6.61 ndi 6.29. Poyamba manambala athu anatambasuka kuchokera pa 2.56 kufika pa 9.61. Tsopano onse aunjikana pakati pa 6.29 ndi 7.06, ndipo avereji yawo ndi 6.56, kuphonya ndi 0.10 kokha. Sitikudikiranso kuti mwayi utibweretsere dontho lapamwamba lodzafafaniza lapansi. Talipanga tokha.

Chifukwa chake chimaoneka bwino mukalemba S = 2.5 + y. Mnzake amakhala 2.5 − y, ndipo avereji ya masikweya awo ndi 6.25 + y². Gawo la 5y, limene linkabweretsa kudumpha kochuluka, lazimiririka. Variyansi ya gulu limodzi la awiri yatsika kufika pa 0.306. Poti gulu lililonse limafuna kuwerengera f kawiri, poyerekeza mwachilungamo tichulukitse ndi 2, tipeza 0.611, kuyerekeza ndi 10.72 ija. Kusiyana kwake ndi ka 17.5. Kuwerengera f ka 10,000 mwanjira imeneyi kukufanana ndi madontho wamba 175,000, ndipo madontho 41 miliyoni aja akutsika kufika pa pafupifupi 2.3 miliyoni. M'pulogalamu musinthe mzere wa f wokha:

```python
S = x.sum(axis=1)
f = 0.5 * (S**2 + (5 - S)**2)
```

Samalani zinthu ziwiri. Choyamba, s muiwerengere kuchokera ku maavereji a magulu a awiriawiriwo, monga mmene mzerewu ukuchitira, chifukwa dontho ndi mnzake amadalirana, ndipo mukawasakaniza ngati madontho osadalirana lamulo la s/√N likunamizani. Chachiwiri, kanjiraka kamathandiza pamene fankishoni ikukwera kapena kutsika mosabwerera m'variyebulo iliyonse, ngati yanuyi. Fankishoni ikakhala yofanana mbali zonse ziwiri za pakati pa bokosi, dontho ndi mnzake amapereka nambala imodzimodzi, ndipo theka la ntchito yanu lapita pachabe. Onaninso kuti liwiro silinasinthe. Kuphonya kukutsikabe ngati 1/√N, kungoti tayambira pansi.

Tsopano ndifike pa gawo limene ndimalidera nkhawa kwambiri, pamene s/√N imanena zabodza. Pali malo atatu amene ndakumana nawo mobwerezabwereza.

Oyamba ndi pamene chinthu chofunika chabisala pa kamalo kakang'ono. Tinene kuti mukufuna voliyumu ya mpira wa rediyasi 1. Mukuuika m'bokosi loyambira pa −1 kufika pa 1 mbali zonse, n'kumwaza madontho, n'kuwerenga ogwera mkati. Pa madayimenshoni awiri zimayenda bwino, chifukwa bwalo limatenga π/4 ya bokosi, pafupifupi magawo 79 pa 100. Pa madayimenshoni 10 voliyumu ya mpira ndi π⁵/120, pafupifupi 2.55, pamene bokosi ndi 1,024. Mwa madontho 10,000, ogwera mkati ndi pafupifupi 25 okha, ndipo kuphonya kwake ndi pafupifupi magawo 20 pa 100 a yankho. Pa madayimenshoni 20 mpira ndi 0.0258, bokosi ndi 1,048,576, ndiye kuti dontho limodzi mwa madontho pafupifupi 40 miliyoni ndilo limagwera mkati. Mukamwaza miliyoni imodzi, mosakayika kwenikweni simugunda ngakhale limodzi. Kompyuta isindikiza yankho 0 ndi kuphonya 0, ngati kuti yatsimikiza kotheratu. Apa ndi pamene mawu anga aja, akuti lamulo lilibe d, ayenera kumveka bwino. Liwiro la 1/√N silidalira d, koma σ poyerekeza ndi yankho ikhoza kukula moopsa d ikamakula. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona ngati mwachifuna: werengani madontho amene apereka nambala yosakhala 0, kapena onani gawo la thumba lonse limene lachokera ku madontho 10 aakulu kwambiri. Madontho ochepa akanyamula pafupifupi yankho lonse, N yanu yeniyeni ndi madontho ochepawo, osati miliyoni imene mwalemba. Mankhwala ake ndi kumwaza madontho ambiri kumene fankishoni ili yaikulu, n'kugawa yankho la dontho lililonse ndi mwayi umene linali nawo wosankhidwa, kuti avereji isakondere.

Malo achiwiri ndi pamene σ ilibe malire. Tengani f = 1/√(xy) pa bokosi la 0 kufika pa 1. Intigiralo yake ilipo, ndi 4. Koma f² ndi 1/(xy), ndipo intigiralo ya imeneyo ilibe mapeto. Avereji yanu idzayandikirabe 4 pang'onopang'ono, koma osati pa liwiro la 1/√N, ndipo s/√N sikutanthauzanso kanthu. Mungazindikire bwanji? Jambulani girafu ya avereji pamene N ikukula. Pa fankishoni yabwino, mzere umagwedezeka poyamba kenako n'kukhazikika. Apa mzere umaoneka ngati wakhazikika, nthawi zambiri pansi pang'ono pa 4, kenako mwadzidzidzi umalumpha pamene dontho limodzi lagwera pafupi kwambiri ndi x = 0 kapena y = 0. Nayonso s siikhazikika, imangokwera molumphalumpha. Kuonjezera madontho si mankhwala. Sinthani mavariyebulo: ikani x = u² ndi y = v², ndipo fankishoni yonse isanduka 4 yosasintha, σ n'kukhala 0. Si nthawi zonse pamene zimatha mokoma chonchi, koma kusintha variyebulo kuti nsonga yakuthwa iphwe ndi chinthu choyamba kuyesa.

Malo achitatu ndi manambala achisawawa enieniwo. Lamulo lonse laima pa mfundo yakuti madontho ndi osadalirana. Mukayendetsa pulogalamu ka 10 osasintha nambala yoyambira, 1 ija ili mu `default_rng(1)`, mupeza yankho limodzimodzi ka 10, ndipo avereji yake si yolondola kuposa ulendo umodzi. Mukatola nambala imodzi n'kuigwiritsa ntchito pa mavariyebulo onse asanu, madontho onse agwera pa mzere umodzi wodutsa pakati pa bokosi, ndipo avereji idzakhazikika bwinobwino pa 25/3, yomwe ndi 8.33, ndi kuphonya kooneka kochepa. Imeneyi ndi ngozi yeniyeni, chifukwa yankho lolakwika likubwera ndi nkhope ya yankho lodalirika. Ngakhale njira yopangira manambala ikhoza kulakwa. RANDU, imene inagwiritsidwa ntchito kwambiri m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, inkapereka manambala ooneka bwino mukawayang'ana imodziimodzi, koma mukawatenga atatuatatu ngati madontho a m'bokosi onse ankagwera pa magome 15 okha athyathyathya. Imene ili mu NumPy masiku ano ilibe vuto limeneli, ndipo ndikulangizani kuti muzigwiritsa ntchito yoteroyo m'malo molemba yanuyanu.

Pali njira imodzi yosinthira liwiro lenilenilo, ndipo ndingoitchula mwachidule. M'malo mwa madontho achisawawa, amene amaunjikana pena n'kusiya mipata pena, mungagwiritse ntchito madontho okonzedwa dala kuti adzaze bokosi mofanana, monga a Halton a mu 1960 kapena a Sobol a mu 1967. Pa fankishoni yosalala ya madayimenshoni ochepa ngati yanu, kuphonya kumatha kutsika moyandikira 1/N. Mu SciPy amapezeka pa `scipy.stats.qmc.Sobol`. Koma madontho amenewa amadalirana, choncho s/√N sigwiranso ntchito. Kuti mudziwe kuphonya muyenera kuwasokoneza mwachisawawa, n'kubwereza ntchito yonse kangapo, n'kuyeza kumwazikana kwa mayankhowo.

Pa ntchito imene mukapereke kwa aphunzitsi, ine ndikanachita motere. Yankho lanu la madontho 100,000 mulilembe kuti 6.655 ± 0.020, n'kunena kuti 0.020 ndi 1.96 kuchulukitsa ndi s/√N. 20/3 ili mkati mwa malire amenewo. Kenako, kuti muonetse liwiro, sankhani N = 100, 1,000, 10,000 ndi 100,000. Pa N iliyonse bwerezani ntchitoyo ka 50, nambala yoyambira ikusintha ulendo uliwonse. Kuphonya kulikonse mukuchite sikweya, mupeze avereji ya masikweya 50 amenewo, n'kutenga sikweya ruti. Muyenera kupeza manambala oyandikira 0.33, 0.10, 0.033 ndi 0.010, ngakhale kuti adzasiyanako ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 chifukwa maulendo 50 nawonso ndi ochepa. Jambulani log ya kuphonya moyang'anizana ndi log ya N. Madontho anayiwo adzandandalika pafupi ndi mzere wowongoka wotsetsereka −1/2. Pa girafu yomweyo ikaniponso njira ya awiriawiri ija, N ikuimira maulendo amene mwawerengera f. Mudzaona mzere wachiwiri wotsetsereka mofanana ndi woyambawo, koma uli pansi pake ka 4.2, yomwe ndi sikweya ruti ya 17.5. Mzere ukakhala wogona kwambiri kuposa −1/2, kapena ukaleka kutsika pa N yaikulu, pamenepo ndiye bwererani mu pulogalamu mukayang'ane V, nambala yoyambira, ndi mmene mukutolera manambala asanu a dontho lililonse.